Mmene 3 amabisalira mu 9: masingula valiyu ndi ma-aigeni valiyu

Tiyerekeze munda wa makona anayi, umene mbali zake zoyang'anana n'zofanana. Munthu wauyeza katatu ndi chingwe. Mulitali wapeza mamita 40, mulifupi mamita 30, ndipo atazungulira malire onse wapeza mamita 144.5. Mwana wa pulayimale akhoza kuona kuti pali chalakwika, chifukwa 40 kawiri ndi 30 kawiri ndi 140. Miyeso yasemphana ndi mamita 4.5, ndipo palibe chotiuza kuti wolakwika ndi uti. Munda umenewu utithandiza kuona mfundo ina ya masamu imene ophunzira ambiri amangoiloweza osaimvetsa, yakuti masingula valiyu a matirikisi A ndi masikweya rutu a ma-aigeni valiyu a AᵀA. Mawuwo ndi olemera pakamwa, koma zimene akunena tikhoza kuziwerengera ndi pensulo.

Matirikisi ndi manambala oikidwa m'mizere, yopingasa ndi yotsika. Ntchito yake ndi kulandira manambala ena n'kutulutsa ena. Ya munda wathu imalandira mulitali x ndi mulifupi y, n'kutulutsa miyeso itatu ija: kuzungulira 2x + 2y, mulitali x, mulifupi y. Timailemba chonchi:

```
A = | 2  2 |
    | 1  0 |
    | 0  1 |
```

Mzere wopingasa uliwonse ukuimira muyeso umodzi. Woyamba ukuti tenga x kawiri ndi y kawiri. Wachiwiri ukuti tenga x yekha, wachitatu y yekha.

Tsopano tisiye kaye kukula kwa munda, tiganize za kusintha kwake. Ngati tasuntha malire kuti mulitali uwonjezeke ndi x, mulifupi ndi y, miyeso itatu ija isintha motani? Apa x kapena y akhoza kukhala nambala yapansi pa ziro, kutanthauza kuti mbaliyo yafupika. Manambala awiri (x, y) tingawajambule ngati muvi wochokera pakati pa pepala, ndipo a masamu amautcha vekita. Utali wake timaupeza ndi lamulo la Pythagoras: chulukitsa nambala iliyonse ndi iyo yomwe, wonkhetsa, tenga sikweya rutu. Lamuloli limagwiranso pa manambala atatu otuluka aja. Choncho funso n'lomveka: tikalowetsa muvi wa utali 1, wotuluka amakhala wautali bwanji?

Yankho limadalira kumene muvi waloza. Tikalowetsa (1, 0), kutalikitsa munda ndi mita imodzi osakhudza mulifupi, mumatuluka (2, 1, 0). Masikweya ake ndi 4, 1 ndi 0, pamodzi 5, ndiye utali ndi sikweya rutu ya 5, pafupifupi 2.24. Tikalowetsa (0.6, 0.8), umenenso utali wake ndi 1, mumatuluka (2.8, 0.6, 0.8), ndipo utali wake ndi pafupifupi 2.97. Koma (0.8, −0.6) amatulutsa (0.4, 0.8, −0.6), wa utali 1.08 basi. Matirikisi ndi imodzimodzi, mivi yolowa ndi yofanana utali, koma wina watambasulidwa pafupifupi katatu pomwe wina sanasinthe kwenikweni.

Mitu ya mivi yonse ya utali 1 imapanga bwalo lozungulira. Matirikisi ikagwira bwaloli, limatuluka lotalika mbali imodzi ngati dzira. Kuchoka pakati pake kufika kunsonga yakutali pali mtunda wina, ndipo kuchoka pakati kufika m'mbali yapafupi pali mtunda winanso. Mitunda iwiriyi ndiyo masingula valiyu. Wamkulu ndiye malire a kutambasula kwa matirikisi, wamng'ono ndiye kutambasula kochepetsetsa. Kuyesayesa kwathu kwasonyeza kuti wamkulu ali chapafupi ndi 3, wamng'ono chapafupi ndi 1. Koma kuyesayesa si umboni, ndipo mivi ya pa bwalo ndi yosawerengeka.

Kumene AᵀA imachokera

Sikweya rutu imavuta kugwira nayo ntchito, choncho tiyang'ane sikweya ya utali m'malo mwa utali weniweniwo. Muvi wotuluka ndi (2x + 2y, x, y). Sikweya ya utali wake ndi (2x + 2y)² + x² + y², ndipo tikamasula timapeza:

```
5x² + 8xy + 5y²
```

Tisunge manambala amenewa, 5, 8 ndi 5, pamene tikupita mbali ina. Kutembenuza matirikisi ndiko kusandutsa mizere yake yotsika kukhala yopingasa. Yotembenuzidwayo timailemba Aᵀ, ndipo yathu ili ndi mizere iwiri yopingasa, (2, 1, 0) ndi (2, 0, 1). Pochulukitsa Aᵀ ndi A, chimene chimachitika n'chakuti mzere wotsika uliwonse wa A umakumana ndi unzake: timachulukitsa manambala awo awiriawiri n'kuwonkhetsa. Mzere woyamba ukakumana ndi iwo womwe umapereka 4 + 1 + 0, ndiye 5. Wachiwirinso umapereka 5. Woyamba ndi wachiwiri amapereka 4 + 0 + 0, ndiye 4.

```
AᵀA = | 5  4 |
      | 4  5 |
```

Ndi manambala omwe aja. Ma 5 awiri akhala pa mzere wodutsa pakona, ndipo 8 wagawika pawiri, 4 kumtunda, 4 kumunsi. Sizinangochitika mwangozi. Sikweya ya utali wa muvi ndiyo imatuluka muvi ukakumana ndi iwo womwe, kotero sikweya ya utali wa Ax ndi (Ax)ᵀ(Ax), imene ndi chimodzimodzi ndi xᵀ(AᵀA)x. Kwa ine apa ndiye pamtima pa nkhani yonse. AᵀA ndi tebulo limene limasunga zonse zimene A imachita pa utali wa mivi. Silisunga kumene muvi wotuluka waloza, limangosunga kutalika kwake ndi ngodya za pakati pa mivi. Popeza masingula valiyu ndi nkhani ya utali, ayenera kupezeka m'tebulo limeneli.

Mu chitsanzo chathu tikhoza kuwaona msanga. Pa bwalo lija x² + y² ndi 1, ndiye 5x² + 5y² ndi 5 nthawi zonse, ndipo chotsala ndi 5 + 8xy. Pa bwalo, xy sapitirira theka, ndipo amafika pa thekalo x ndi y akafanana. Satsikanso kupitirira −0.5, pomwe amafika x ndi y akafanana kukula koma wina ali pansi pa ziro. Choncho sikweya ya utali imayenda pakati pa 5 + 4 ndi 5 − 4, ndiko kuti 9 ndi 1. Utali weniweni umayenda pakati pa 3 ndi 1.

Tapeza 9 ndi 1 osatchula aigeni valiyu. Njira imeneyi yatheka chifukwa manambala athu ndi osavuta. Pa matirikisi ina iliyonse timafuna chida chogwira paliponse.

Mivi imene sikhota

Matirikisi ya sikweya, imene mizere yake yopingasa ndi yotsika n'yofanana chiwerengero, imalandira muvi n'kutulutsa wina wa mtundu womwewo. Kawirikawiri wotulukayo amakhala atakhota. Lowetsani (1, 0) mu AᵀA, mutuluka (5, 4), amene waloza kwina. Koma pali mivi ina yapadera imene sikhota. Lowetsani (1, 1): mutuluka (9, 9), muvi womwewo utachulukitsidwa ndi 9. Lowetsani (1, −1): mutuluka (1, −1), womwewo utachulukitsidwa ndi 1. Muvi wosakhota wotere ndi aigeni vekita, ndipo nambala yochulukitsayo ndi aigeni valiyu, imene amailemba λ. Ma-aigeni valiyu a AᵀA yathu ndi 9 ndi 1.

Pa matirikisi ya mizere iwiri pali njira yachidule yowapezera. Kuwonkhetsa kwawo n'kofanana ndi kuwonkhetsa kwa manambala a pa mzere wodutsa pakona, 5 + 5, ndiye 10. Kuchulukitsa kwawo n'kofanana ndi 5 × 5 − 4 × 4, ndiye 9. Manambala awiri amene pamodzi ndi 10 ndipo akachulukitsidwa ndi 9, ndi 9 ndi 1.

Tsopano tilumikize mbali ziwirizi. Tengani aigeni vekita v ya AᵀA, ya utali 1. Sikweya ya utali wa Av ndi vᵀ(AᵀA)v. Koma (AᵀA)v ndi λv, ndiye zonse zimasanduka λ kuchulukitsa ndi sikweya ya utali wa v, imene ndi 1. Chatsala ndi λ yekha. Ndiye kuti aigeni valiyu ya AᵀA ndi sikweya ya mlingo umene A yatambasulira muvi umenewo. Singula valiyu amailemba σ, ndipo ubale wonse ndi uwu:

```
λ = σ²
```

Tiyese ndi manambala. A ikalandira (1, 1) imatulutsa (4, 1, 1). Sikweya ya utali wa wolowa ndi 2, ya wotuluka ndi 16 + 1 + 1, ndiye 18. Kugawa 18 ndi 2 ndi 9, ndipo sikweya rutu yake ndi 3. A ikalandira (1, −1) imatulutsa (0, 1, −1): wolowa 2, wotuluka 2, sanatambasulidwe, ndiye 1.

Mfundo yomweyi ikuyankhanso nkhawa imene munthu wosamala angakhale nayo. Nanga λ atakhala pansi pa ziro, sikweya rutu yake tiitenga kuti? Sizingatheke. λ ndi sikweya ya utali, ndipo sikweya sikhala pansi pa ziro. Ikhoza kukhala ziro, ngati pali muvi umene A imaufafaniziratu, koma osapitirira apo.

Chatsala n'kudziwa chifukwa chake mivi yosakhotayi ndiyo imapereka malire, wapamwamba ndi wapansi. AᵀA nthawi zonse imafanana mbali ziwiri za mzere wodutsa pakona, chifukwa mzere woyamba kukumana ndi wachiwiri n'chimodzimodzi wachiwiri kukumana ndi woyamba. Matirikisi yofanana mbali chonchi ili ndi khalidwe lotsimikizika m'masamu: ma-aigeni vekita ake amakwana, ndipo tingawasankhe oimirana pa ngodya ya madigiri 90. Ndi mmene (1, 1) ndi (1, −1) alili. Muvi wina uliwonse ndi msakanizo wa awiriwa, ndipo tingalembenso chiwerengero chija motere:

```
5x² + 8xy + 5y² = 9·(x + y)²/2 + 1·(x − y)²/2
```

Masulani mbali yakumanja muone kuti zikugwirizana. Pa bwalo, zigawo ziwiri (x + y)²/2 ndi (x − y)²/2 pamodzi zimakwana 1. Choncho chotuluka ndi msakanizo wa 9 ndi 1, gawo lina la uyu, gawo lotsala la uyo. Msakanizo wotere sungapose 9 ndipo sungachepere 1. Muvi uja (0.6, 0.8) uli ndi 0.98 ku gawo loyamba ndi 0.02 ku lachiwiri. Ndiye 9 × 0.98 + 0.02 ndi 8.84, ndipo sikweya rutu yake ndi 2.97 tinapeza uja.

Palinso china chimene ndimachikonda. Mivi iwiri yotuluka, (4, 1, 1) ndi (0, 1, −1), nayonso yaimirana pa madigiri 90: chulukitsani awiriawiri, 0 + 1 − 1, ndi ziro. Mivi ina siitero. (1, 0) ndi (0, 1) imalowa ili pa madigiri 90, koma imatuluka (2, 1, 0) ndi (2, 0, 1), imene yapendekerana, ndipo 4 uja ndiye umboni wake. Ma-aigeni vekita a AᵀA amasunga ngodyayo chifukwa (Av₁)ᵀ(Av₂) ndi λ₂ kuchulukitsa ndi v₁ᵀv₂, ndipo v₁ᵀv₂ ndi ziro kale. Apa ndi pamene pamachokera kalembedwe kotchuka A = UΣVᵀ: V amasunga mivi yolowa, U mivi yotuluka itafupikitsidwa kukhala ya utali 1, ndipo Σ amasunga 3 ndi 1. Mukachulukitsa Aᵀ ndi A m'kalembedwe aka, U amadzifafaniza yekha, n'kutsala AᵀA = VΣ²Vᵀ.

Zimene 9 ndi 1 akunena za munda

Muvi (1, 1) ndi kukulitsa munda mbali zonse ziwiri. Miyeso yonse itatu imaona kusinthako, makamaka kuzungulira, kumene kumakula ndi mamita 4. Muvi (1, −1) ndi kutalikitsa munda ndi mita imodzi n'kuufupikitsa mulifupi ndi mita imodzi. Kuzungulira sikusintha m'pang'ono pomwe, n'chifukwa chake nambala yoyamba ya (0, 1, −1) ndi ziro. Miyeso yathu ili ndi maso akuthwa pa x + y, koma pa x − y imadalira miyeso iwiri yokha. Cholakwa cha m'miyeso chikagwera ku mbali yamphamvu, chimafika m'yankho chitagawidwa ndi 3. Chikagwera ku mbali yofooka chimafika chonse.

Tsopano tithetse kusemphana kuja. Njira yodziwika, imene Adrien-Marie Legendre anaisindikiza mu 1805 ndipo Carl Friedrich Gauss anaifotokoza m'buku lake la 1809, ndi kusankha x ndi y amene amachepetsa kwambiri masikweya a zolakwa zonse pamodzi. Njirayi imatifikitsa pa AᵀA x = Aᵀb, pomwe b ndi miyeso yathu (144.5, 40, 30). Aᵀb ndi 289 + 40 ndi 289 + 30, choncho:

```
5x + 4y = 329
4x + 5y = 319
```

Wonkhetsani mizere iwiriyi, mupeza 9(x + y) = 648, ndiye x + y ndi 72. Chotsani wachiwiri pa woyamba, mupeza 1(x − y) = 10. Onani 9 ndi 1 atulukiranso, aliyense ndi muvi wake. Yankho ndi mulitali 41, mulifupi 31, kuzungulira 144. Mamita 4.5 aja agawidwa: muyeso wozungulira wachotsedwa theka la mita, miyeso ya mbali yawonjezedwa mita imodzi uliwonse.

Zotsalira zimenezi, (0.5, −1, −1), zili ndi malo ake m'nkhaniyi. Tikadachulukitsa mbali inayo, A ndi Aᵀ, tikadapeza matirikisi ya mizere itatu: (8, 2, 2), (2, 1, 0) ndi (2, 0, 1). Ma-aigeni valiyu ake ndi 9, 1 ndi 0. Awiri oyamba ndi omwe aja, ma-aigeni vekita ake ndi (4, 1, 1) ndi (0, 1, −1), ndipo wa ziro ndi (1, −2, −2), amene ndi zotsalira zathu zitachulukitsidwa ndi 2. Imeneyi ndi mbali ya miyeso imene palibe munda wa makona anayi ungaitulutse. Lamulo lake n'lakuti AᵀA ndi AAᵀ zimagawana ma-aigeni valiyu onse amene si ziro, ndipo yaikuluyo imangodzaza malo otsala ndi maziro. Wowerengera pamanja asankhe yaing'ono.

Pali cholakwa chimodzi chimene chimabwerezedwa kwambiri, ndicho kuganiza kuti masingula valiyu ndi ma-aigeni valiyu a A yeniyeniyo. A yathu ilibe n'komwe ma-aigeni valiyu, chifukwa imalandira manambala awiri n'kutulutsa atatu, ndipo sitingafunse ngati muvi wakhota pamene wasintha mtundu. Ngakhale pa matirikisi ya sikweya zinthu ziwirizi zimasiyana. Tengani ya mizere (1, 10) ndi (0, 1). Ma-aigeni valiyu ake ndi 1 ndi 1, ngati kuti siitambasula kanthu. Koma lowetsani (0, 1), mutuluka (10, 1). Masingula valiyu ake ndi pafupifupi 10.1 ndi 0.099. Zimagwirizana pamene matirikisi ili yofanana mbali, ndipo apo masingula valiyu ndi ma-aigeni valiyu atachotsedwa chizindikiro cha kuchotsera.

Njira yofulumira yodzitsimikizira ndi iyi: masikweya a manambala onse a mu A, akawonkhetsedwa, ayenera kufanana ndi masikweya a masingula valiyu. Pa munda wathu 4 + 4 + 1 + 1 ndi 10, ndipo 9 + 1 ndi 10.

Pamene njirayi imagwa

Ubale umenewu ndi wakale ngati masingula valiyu enieniwo. Eugenio Beltrami wa ku Italy, amene anawatulukira mu 1873, anadzera njira yomweyi ya kuchulukitsa matirikisi ndi yotembenuzidwa yake. Camille Jordan wa ku France anawapezanso payekha mu 1874, podzera funso la kufunafuna malire apamwamba. Pa pepala, ndi manambala athunthu, njira ya Beltrami ilibe banga. Vuto limabwera ndi makina owerengera, amene amasunga madijiti ochepa okha a nambala iliyonse.

Tisinthe munda wathu pang'ono. Tinene kuti kuzungulira kwayezedwa ndi chida chodalirika kwambiri, pamene mbali zangoyerekezedwa ndi mapazi. Anthu oyeza malo amapatsa muyeso wosadalirika mphamvu yochepa pouchulukitsa ndi nambala yaing'ono, imene tiitche e:

```
A = | 2  2 |      AᵀA = | 4 + e²   4      |
    | e  0 |            | 4        4 + e² |
    | 0  e |
```

Mivi yosakhota ndi yomwe ija. Ma-aigeni valiyu ndi 8 + e² ndi e², ndipo e akakhala 1 tibwerera pa 9 ndi 1. Singula valiyu yaing'ono ndi e. Matirikisi ya maonekedwe awa imadziwika ndi dzina la Peter Läuchli, amene anaigwiritsa ntchito mu 1961 posonyeza vuto limene tikuliona tsopano.

Tiike e pa 0.0001. Ndakokomeza dala kuti vuto lionekere pa kakyuleta wamba wa madijiti 8, wa mtundu umene umapezeka m'maokala. Kakyuletayo amasunga 0.0001 bwinobwino, ndiye A yalowa yonse. Koma e² ndi 0.00000001, ndipo 4 + e² ndi 4.00000001, nambala ya madijiti 9. Dijiti yomaliza ilibe malo, imatayidwa. AᵀA imasanduka ma 4 anayi, ndipo ma-aigeni valiyu a matirikisi yotere ndi 8 ndi 0. Makina akutiuza kuti singula valiyu yaing'ono ndi ziro, pomwe ndi 0.0001.

Kusiyana kwa ziro ndi 0.0001 kungaoneke kochepa, koma tanthauzo lake ndi lalikulu. Ziro akutanthauza kuti miyeso ilibe chonena pa x − y, kuti munda wa 36 ndi 36 ndi wa 70 ndi 2 sitingausiyanitse. Zoona zake n'zakuti kuchotsa mzere wachiwiri pa woyamba kumapereka e²(x − y) = 10e², ndipo x − y akadali 10. Pa kakyuleta uja kumapereka 0 = 0. Uthenga unalimo mu A, ndipo watayika pa sitepe yopanga AᵀA. Palibe luso limene lingaubweze pambuyo pake, ngakhale njira yopezera ma-aigeni valiyu itakhala yabwino chotani.

Gwero lake ndi λ = σ² yemweyo. Sikweya imakulitsa mpata pakati pa chachikulu ndi chaching'ono. Kugawa singula valiyu yaikulu ndi yaing'ono kumapereka chimene amachitcha kondishoni nambala, muyeso wa mmene matirikisi ingakulitsire zolakwa. Pa munda woyamba ndi 3, ndipo ya AᵀA ndi 9. Pamenepo palibe choopsa. Pa e wa 0.0001 ndi pafupifupi 28,000, ndipo ya AᵀA ndi pafupifupi 800,000,000, nambala ya madijiti 9, yoposa mphamvu ya kakyuleta. Kompyuta imasunga madijiti pafupifupi 16, ndiye malire ake ali patali, koma alipo: podzera mu AᵀA, singula valiyu yochepera pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 100,000,000 a yaikulu imasowa. Amene ali ndi Python akhoza kudzionera:

```python
import numpy as np
e = 1e-8
A = np.array([[2, 2], [e, 0], [0, e]])
print(np.linalg.svd(A, compute_uv=False))
print(np.linalg.eigvalsh(A.T @ A))
```

Mzere wa `svd` umapereka pafupifupi 2.83 ndi `1e-08`, zimene zili zolondola. Mzere womaliza umapereka 8 ndi ziro, kapena kanambala kotsalira kopanda tanthauzo m'malo mwa ziroyo. Pa matirikisi zazikulu kanambala kameneka nthawi zina kamakhala pansi pa ziro. Taona kale kuti m'masamu zimenezi sizingatheke, choncho aigeni valiyu ya AᵀA ikatuluka pansi pa ziro, ndi chizindikiro chotsimikizika chakuti madijiti atha. Ena amangochotsa chizindikiro cha kuchotsera n'kutenga sikweya rutu. Kutero n'kubisa vuto, chifukwa nambala yotulukayo ndi phokoso la makina basi.

Mzere wa `svd` umapambana chifukwa supanga AᵀA. Njira yake inayamba ndi Gene Golub ndi William Kahan mu 1965, ndipo Golub ndi Christian Reinsch anaisindikiza ngati pulogalamu yogwira ntchito mu 1970. Maganizo ake ndi akuti kuzunguza muvi kapena kuutembenuza sikusintha utali wake, ndiye tikhoza kuzunguza mbali yolowera ndi yotulukira ya A mmene tifunira osakhudza masingula valiyu. Amachita zimenezi mobwereza mpaka manambala onse atasanduka ziro kupatula a pa mzere wodutsa pakona ndi oyandikana nawo kumtunda. Kenako amapitiriza kuzunguza mpaka oyandikanawo nawonso atazimirira, ndipo otsala ndiwo masingula valiyu. Chochititsa chidwi n'chakuti gawo lachiwirili, m'njira ya Golub ndi Reinsch, limatsanzira ndendende masitepe amene akadachitika pofunafuna ma-aigeni valiyu a matirikisi yochulukitsidwa ndi yotembenuzidwa yake. Ubale λ = σ² ndiwo umatsogolera sitepe iliyonse, koma kuchulukitsako sikulembedwa, kotero e amakhalabe e, sasanduka e².

Sindikunena kuti AᵀA tiitaye. Ngati A ili ndi mizere yopingasa miliyoni imodzi ndi yotsika 20, AᵀA ndi tebulo la 20 ndi 20 lokha, limene lingamangidwe mzere ndi mzere osasunga A yonse, ndipo kupulumutsa ntchito kotereku n'kwenikweni. Masingula valiyu aakulu amatuluka olondola m'njira imeneyi, chifukwa amene amavulala ndi aang'ono. Choyenera kuchita n'kuyang'ana chotuluka musanachikhulupirire. Gawani aigeni valiyu yaikulu ndi imene mukuifuna, muwerenge madijiti a yankholo, muwachotse pa 16. Otsalawo ndiwo pafupifupi madijiti odalirika. Pa 9 ndi 1 mwataya imodzi yokha. Kugawako kukapereka nambala ya madijiti 12, mwatsala ndi 4, ndipo mwina zikukwanirani. Kukayandikira madijiti 16, bwererani ku A, mugwiritse ntchito `svd`.